Kodi chingwe cha tchaja chimayenera kutentha?

Ndithandizeni anzanga, poti ine za magetsi sindinaphunzire. Ntchito ya chingwe cha tchaja si kungodutsitsa moto kuti ukafike m'foni? Nanga bwanji china chimatentha kumutu mpaka kuotcha chala? Moto ukutenthetsa chingwewo si womwewo unayenera kulowa m'batire?

Wokonza mafoni wina anandidulira zingwe ziwiri kuti ndione ndekha. Kunja zinali zonenepa mofanana. Choyamba chinali ndi waya wa kopa wochuluka bwino. Chachiwiri chinali pulasitiki yekhayekha, pakati pake timawaya tingapo toonda ngati tsitsi. Atapala kamodzi ndi lezala, kufiira kuja kunachoka, kunatsala koyera: aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Ena akuti amaikamo chitsulo, moti ukayandikiza maginito pakati pa chingwe chimamatirira, pomwe kopa sagwira maginito. Ndiye tiziyenda ndi maginito m'thumba popita kumsika? Wogulitsa angalole kuti ndiyambe ndadula ndisanalipire?

Wokonza mafoni uja anandiwerengera masamu ake. Tinene kuti tchaja ikutulutsa mavoti 5, foni ikukoka maampu 2. Waya woonda amakaniza moto, ndipo chingwe choipa chingathe kudya voti imodzi yathunthu m'njira. Foni imangolandira mavoti 4, n'kuchepetsa kakokedwe kake, n'chifukwa chake imagona patchaja koma kumacha isanadzaze. Voti yosowayo siithawira kwina, imasanduka kutentha m'chingwe momwemo. Tsono chingwecho chikakhala pansi pa pilo, kutenthako kumatulukira kuti?

Palinso chija chimatchaja pokhapokha ukachipinda kukhosi n'kuchitsamiritsa ndi buku. Tonse timati chili ndi kagwiridwe kake. Wokonza uja akuti timawaya tambiri tinaduka kale mkati, totsalato ndi timene tikusenza moto wonse, ndipo poduka paja pamathetheka. Mano a kumutu akada, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopserera, akuti tayani, chisanaotche polowera pa foni. Nanga selotepi timakulungayo imalumikiza chiyani, popeza chaduka chili mkati?

Paketi nayo ikundizunguza mutu. Yalembedwa `5A`, koma odziwa akuti chingwe cha `USB-C` chopitirira maampu 3 chimayenera kukhala ndi kachipangizo kobisika kumutu kouza tchaja mphamvu yake. Ndikaone bwanji kobisikako? Eni ake a iPhone amalandirako uthenga woti `This accessory may not be supported`, nanga enafe atiuze ndani?

Mukati ndifunse akatswiri, mu 2016 Benson Leung, injiniya wa ku Google amene ankayesa zingwe zoterezi n'kumachenjeza anthu, anagula china chomwe mawaya ake analumikizidwa mosemphanitsa, chinamuotchera laputopu. Ngati chinapusitsa iyeyo, ine amene umboni wanga ndi mawu a wogulitsa oti "ichi n'cha olijino, bwana", ndidalire chiyani?