Kalata ya akalaliki yautsa mapiri pachigwa ku Thyolo

Sabata ino ku Thyolo anthu aiwalako za mtengo wa feteleza. Kuchokera pamsika wa Bvumbwe mpaka ku Luchenza, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya akalaliki a pa esiteti ina ya tiyi, dzina tisunge. Iwo anayenera kufotokozera mabwana ndi ogula tiyi za makilogalamu a masamba amene alimi ang'onoang'ono anabweretsa ku fakitale nyengo ya mvula. Alendo anafika, tiyi anamwa, mawotchi anayang'ana, koma akalaliki osaoneka.

Akabaza akuti wapalamula ndi chiperoni, ati njinga yamoto inatitimira m'matope. Amayi othyola tiyi akukana: iwo chiperoni chomwecho chimawapeza ali m'munda mbandakucha, dengu kumsana, ndiye chasankha bwanji munthu wa tayi?

Koma chokometsa nkhani ndi kalata yopepesa, poti inalembedwa kawiri. Yoyamba, akutero amene anaisuzumira, inali masamba awiri odzaza mvula, msewu, foni yothima, ngakhale malume odwala analowamo. Kupepesa kwenikweni kunabisala kumapeto, ndipo za kubwereza anangoti "tsiku lililonse limene mungakonde". Akapitawo ena okalamba ataiwerenga anapukusa mutu. Ati apo wasenzetsa abwana ntchito yokusakira tsiku, chonsecho wolakwa ndiwe.

Yachiwiri inafupika. Chiganizo choyamba chinati: "Bwana, ndikupepesa kuti sindinafike pamsonkhano wa Lachinayi, 9 koloko m'mawa, ndipo ndinataya nthawi yanu ndi ya alendo." Chifukwa chinatenga mzere umodzi, ndi kuvomera kuti anayenera kutumiza uthenga nthawi isanakwane. Kenaka anatchula masiku awiri, Lachitatu kapena Lachisanu sabata yamawa, ndi nthawi yake yomwe. Lachiwiri analipewa dala, poti ndi tsiku la okushoni ya tiyi ku Limbe, mitima ya mabwana imakhala pa mitengo. Lipoti lonse analiphatika pakalatapo, kuti ogula amene anabwerera kale awerenge manambala osadikira. Anawonjezeranso kuti wina mu ofesi azikhala ndi kope, zikadzavutanso aimirire ndiye.

Pabawo ku boma mkangano sunathe. Ena akuti mwamuna sadzichepetsa chotero papepala, pakuti pepala limalowa m'failo ndipo failo siiwala. Anzawo akuyankha kuti kujombako kunalowa kale m'failo, bola pambali pake pakhale kupepesa. Ine ndili ndi achiwiriwa, ngakhale ndikumva chisoni ndi malume aja, amene anachira mwadzidzidzi pakati pa kalata yoyamba ndi yachiwiri.

Tamva kuti abwana asankha Lachisanu. Akalaliki, chonde kagoneni pafupi ndi fakitale Lachinayi usiku, akabaza akubetcherana kale.