Mesenjala Amadziwa Kale

Bwana wa maakaunti, uja amawerengera anthu masipuni a shuga pa tiyi, akangogula tchipisi ndi nkhuku n'kukatula pa desiki ya kalaliki watsopano, nkhani imakhala yayamba kale ulendo. Mesenjala ndiye anakagula. Wosesa apeza mafupa m'bini. Dalaivala aonjezera zake zimene sanaone. Pofika nthawi yoweruka, pa siteji ya minibasi ya ku Area 25 akukambirana za chinkhoswe, pomwe mwini wake mtsikanayo akuganizabe kuti bwana ndi achifundo chabe.

Miseche siipha, tonse tinadyedwapo. Chimene achikulirewa sanachiganizire ndi cholembera chawo. Iwo ndi amene amasainira fomu ya tchuthi ya mtsikanayu, iwonso ndi amene amalemba mayina a opita ku msonkhano wa ku Mponela, kumene kuli alawansi. Ndiye akamati, "Asisi, Loweruka muli ndi zochita?" mtsikana samva funso limodzi. Amamvanso lachiwiri, lakuti kontirakiti yake ya miyezi 6 idzawonjezeredwa kapena ayi. Akaseka, bwana amati wawalola. Kuseka kwa munthu amene malipiro ake amadutsa m'manja mwako sikutanthauza kanthu. Ngakhale nthabwala zako zozizira zija amaziseka.

Tsono tiyerekeze kuti wayankha kuti, "Pepani bwana, ndili naye wina." Apa mwambo wa kumudzi wakuti mkazi amayamba wakana umapereka munthu m'manja mwa apolisi. Lamulo la 2013 loona zakuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limati kuvutitsa munthu ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwiragwira pa nkhani zogonana iye asakufuna ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Mauthenga a pa WhatsApp a pakati pa usiku aja, akuti "mwagona?", wolandira amatha kuwasunga m'foni mwake. Tsiku la komiti ya mwambo adzawerengedwa mokweza, limodzi ndi timitima tofiira tonse, pamaso pa mayi wa ofesi yoona za ogwira ntchito amene mumapemphera naye mpingo umodzi.

Amene ali pa mpando wofanana zawo n'zopepukirapo, bola ayambe atsegula buku la malamulo a pantchito lija anasainira osawerenga. Makampani ena amafuna kuti chibwenzi chinenedwe kwa akuluakulu, ndipo mmodzi amasamutsidwa dipatimenti kuti asamasainirane mapepala a ndalama.

Ndiye pali kutha kwake. Chibwenzi cha ku Ndirande chikatha, umangosintha njira yopitira kumsika. Cha mu ofesi chikatha, makina okopera mapepala ndi amodzi omwewo, msonkhano wa Lolemba mukhala moyang'anizana, ndipo awiri amene ankaitanana "bebi" ayamba kulemberana mamemo otsegula ndi "Wokondedwa Bambo". Wonyamula mamemowo ndi mesenjala yemwe uja, ndipo amayenda pang'onopang'ono kuti awerenge bwino.