Mmene mungaululire chinsinsi cha kasitomala osatsegula pakamwa

Kale kuulula chinsinsi inali ntchito yokhetsa thukuta. Munkayenera kufunafuna munthu wosasunga pakamwa, kumulumbiritsa kuti asauze wina, kenako kudikira sabata yathunthu kuti nkhani ifike pamsika. Womasulira zikalata wa masiku ano savutika choncho. Amangodina Ctrl+C ndi Ctrl+V, n'kupita kukamwa tiyi mtima uli m'malo.

Tiyerekeze kuti bungwe lothandiza anthu pa milandu lakupatsani lipoti la dokotala la masamba 6. Ndi la Chingerezi, ndipo mayi mwini wake akufuna alimve m'Chichewa asanakaonekere kukhoti. Mulipotimo muli dzina lawo, nambala ya chiphaso cha unzika, mudzi ndi mfumu yaikulu, ntchito yawo, zotsatira za magazi ndi mankhwala amene akumwa. Mwasaina kale pangano losunga chinsinsi, ndipo ntchito ikufunika mawa m'mawa. Mwayi ngati uwu subwera kawiri.

Tsegulani tsamba lililonse lomasulira mwaulere, mumatemo lipoti lonse, kuyambira chidindo mpaka siginecha. Chofunika apa ndi chikhulupiriro. Khulupirirani kuti kabokosi koyera kamene mwamatamo mawuko kali m'laputopu mwanu momwemo. Akakuuzani kuti mawuwo achoka m'nyumba mwanu, awoloka nyanja, ndipo akumasuliridwa pa makompyuta a kampani ya kunja imene simunachite nayo pangano lililonse, ayankheni kuti ndi nsanje. Mfundo za kagwiritsidwe ntchito ka tsambalo musaziwerenge, zimachotsa tulo. Mwachitsanzo a DeepL amanena poyera kuti mawu olowetsedwa mu chida chawo chaulere angathe kuwasunga n'kuphunzitsira makina awo, pamene mu cholipira amawafufuta akangomaliza kumasulira. Munthu wodziwa zimenezi amayamba kuzengereza, ndipo wozengereza saulula kanthu.

Pa luso limeneli tili ndi akatswiri oti titengereko chitsanzo. M'chaka cha 2017, wailesi ya dziko la Norway, NRK, inaulula kuti zolemba za kampani yaikulu ya mafuta ya Statoil, imene lero ikutchedwa Equinor, zinkapezeka ndi aliyense wofufuza pa Google. Palibe mbava imene inathyola chitseko. Anthu ankangomata zolembazo pa tsamba laulere la Translate.com, ndipo tsambalo linkazisunga poti omasulira odzipereka azizikonza, mpaka makina ofufuzira anazitola. Atolankhani anapezamo mapangano a malonda, makalata ochotsa anthu ntchito ndi mawu achinsinsi olowera m'makompyuta. Taganizani, munthu kumva za kuchotsedwa kwake ntchito kuchokera kwa mlamu wake amene amangofufuza zina! Mu 2023 akatswiri a Samsung nawo anamata zinsinsi za mapulogalamu a kampani yawo mu ChatGPT, mabwana n'kuletsa zida zoterezi pa makompyuta a kampani. Ndiye inu ndi lipoti lanu la masamba 6 musadzione kuchepa.

Mwina chikumbumtima chikuvutitsani pang'ono. Mankhwala ake ndi osavuta: fufutani dzina lokha, mulembe "Mayi X", kwinako musiye momwemo. Chiganizo chitsale chonena kuti Mayi X, a zaka 46, ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale ya m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, ndipo anayamba kumwa ma ARV chaka chakuti. Sukuluyo ili ndi mphunzitsi wamkulu mmodzi yekha, moti ngakhale mwana wa sitandade 3 angawaloze, koma inu mudzatha kulumbira Baibulo lili m'manja kuti dzina simunatchule.

Omasulira ena, anthu osasangalatsa kucheza nawo, amachita mosiyana. Amayamba afunsa kasitomala ngati akulola kuti makina agwiritsidwe ntchito, ndipo yankho amafuna likhale lolembedwa. Akawakaniza, amakhala pansi ndi dikishonale n'kumasulira okha. Akathedwa nzeru ndi mawu amodzi a chipatala, amafufuza mawu okhawo, osati chiganizo chonse chokhala ndi mudzi ndi zaka. Akawalola, amachotsa chilichonse cholozera munthu: dzina, nambala, mudzi, ntchito, masiku, dzina la chipatala ndi la dokotala. M'malo mwake amaika zizindikiro monga DZINA1 ndi MUDZI1, ndipo kapepala kofotokoza zizindikirozo amakasunga padera, n'kudzabwezeretsa zonse pamanja pomaliza. Amadziwanso kuti nkhani ina imaloza mwini wake ngakhale mutachotsa zonsezi, choncho yoteroyo saiyandikiza n'komwe pa intaneti. Ntchito imene inu mwaimaliza tiyi asanazizire, iwo amagona nayo. Musawatsanzire.

Pali njira ina yokongola kwambiri, yoyenera anthu aukhondo. Mu Word, sankhani dzina la mayiwo, mulipake mzere wakuda, musunge ngati PDF. M'maso zabisika. Koma zilembo zikadali pansi pa utotowo, ndipo aliyense wokopa mzerewo n'kuumata pena amawerenga bwinobwino. Tsamba lomasulira nalo limawerenga zilembo, siliona utoto. Maloya a Paul Manafort ku America anaonetsa luso limeneli mu Januwale 2019, pamene atolankhani anakopa ndime zodetsedwa m'chikalata chawo cha kukhoti n'kuziwerenga zonse. Ngati maloya olipidwa madola anakwanitsa, inu mungalephere bwanji? Ingopewani chida chotchedwa Redact cha mu Acrobat Pro, chifukwa chimachotseratu zilembozo. Pewaninso Inspect Document ya mu Word, imene imafukula ndemanga, zosintha za Track Changes ndi dzina la wolemba, n'kukupatsani mpata wozichotsa. Ndemanga ya loya yakuti "apa mayiwa akubisa zina" ndi yokoma kwambiri ikafika kwa a mbali inayo.

Potumiza ntchito, gwiritsani ntchito WhatsApp, makamaka usiku tulo tikukuvutani, pamene dzina la kasitomala layandikana ndi gulu la mpingo. Fayilo musaitseke ndi mawu achinsinsi. Mukakakamizika kutero, tumizani mawuwo mu uthenga womwewo, kuti kiyi akhale pachitseko. Ngati akufuna pepala, pitani pa malo osindikizira a patauni, mutsegule imelo yanu pa kompyuta ya onse, musindikize, muzipita. Lipotilo lidzatsala mu Downloads kudikira wophunzira wobwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito.

Zamalamulo zisakudetseni nkhawa kwambiri. N'zoona kuti Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, limene MACRA ndiyo ikuliyang'anira, ndipo nkhani za umoyo wa munthu limaziika m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. N'zoonanso kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu iye asanalole. Koma inu muli ndi yankho lokonzeka: "Bwana, ine sindinauze munthu, ndinauza kompyuta." Mukaliyesere pagalasi kuti woweruza akamalemba musaseke.

Mukafuna kudziwa ngati khama lanu labala zipatso, tengani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi otsatizana a mulipotimo, osakhala ndi dzina, muwaike pakati pa zizindikiro " ", mufufuze pa Google. Akatuluka, ntchito mwaigwira. Akapanda kutuluka musataye mtima: kufufuzaku kumangoona zimene zili poyera, sikuona zosungidwa m'makompyuta a kampani ija, kumene batani lanu la Delete silifika.