8 Koloko ya a MANEB

Ku Nkhorongo kuno tili ndi ma 8 koloko amitundumitundu. Ilipo 8 koloko ya ukwati, imene imakwana mkwatibwi akamaliza kukonzedwa tsitsi. Ilipo ya telala, ija amati "mubwere mawa 8 koloko mudzapeza ndatha," imene imakwana Lachinayi la sabata ya mawa. Ya msonkhano wa chitukuko imadikira kuti mlendo wolemekezeka atsike galimoto. Zonsezi tinazolowerana nazo ndipo palibe amene amakwiya. Koma chaka chilichonse, mvula ya ku Mzuzu isanatsanzike bwinobwino ndipo kuzizira kukungoyamba, kumabwera 8 koloko yachilendo yochokera ku Zomba, kulikulu la MANEB. Imeneyi ndi yamwano: imakwana 8 koloko yeniyeniyo.

Chotichenjeza chimabwera nthawi ikadalipo. A hedi a sukulu ina ya kuno amalemba kalata, kudinda chidindo, kumata ina pachitseko cha ofesi, zina n'kupatsira ana a Sitandade 8 kuti akapereke kwa makolo. Mawu ake ndi omveka ndithu. Mayeso ayamba Lachitatu ndipo atha Lachisanu. Mwana aliyense akhale atafika pamalo olembera 7 koloko, pepala loyamba liyamba 8 koloko. Atenge chitupa chake cha MANEB, zolembera ziwiri, pensulo, labala, lula ndi kabokosi ka zida za masamu. Foni, kakyuleta, buku ndi kapepala kalikonse zisafike m'chipinda cholembera. Wochedwa ndi mphindi zoposa 30 sadzaloledwa kulowa. Makolo asadutse pageti.

M'tauni muno mulibe chikalata china cholankhula mosazungulira chotere. Vuto n'lakuti positi ofesi yake ndi thumba la kabudula wa mwana wa zaka 13. Kalata imagona mmenemo masiku angapo pamodzi ndi chingamu ndi njere za gwafa, ndipo amene amaipeza ndi mayi pochapa, itanyowa kale, chidindo chitasungunukira pa mawu oti "7 koloko." Ina imafika bwinobwino koma n'kukutira zitumbuwa. Motero uthenga umayenda njira yathu yakale, ya pakamwa, pampopi ndi pachigayo, ndipo munthu aliyense amaonjezapo kamchere kake.

Pamzere wa madzi ndinamva mayi wina akumasulira neba wake.

"Amama, akuti mayeso akuyamba hafu 8."

"Si 8 koloko kodi?"

"8 koloko n'chiopsezo chabe. Alemba okha kuti wochedwa ndi mphindi 30 alowa. Ndiye 8 kuphatikiza 30 ndi zingati?"

Masamu ake ndi olondola, ndipo akanakhala kuti akulemba ndi mayiwo akanakhoza. Chimene sakudziwa n'chakuti mphindi 30 zija si basera wa pamsika. Mwana wolowa hafu 8 amatola cholembera anzake atamaliza kale mafunso osankha yankho, ndipo nthawi ikatha woyang'anira amalanda mapepala onse pamodzi. Palibe amene amamubwezera mphindi zakezo. Komanso wotchi imene imaweruza mlandu si ya pafoni ya bambo, kapena ya tambala wa a landilodi. Ndi ija yapakhoma, yobwerekedwa mu ofesi ya a hedi, imene chaka chonse imakhala itaima pa 20 pasiti 4 koma sabata imeneyi aigulira batire.

Nanga 7 koloko ija ndi ya chiyani, ngati kulemba kukuyamba 8? Makolo ambiri amaganiza kuti a hedi amangodzitchinjiriza, monga momwe ifenso timauzira achibale kuti basi ikunyamuka 5 koloko pamene ikunyamuka 7. Ayi ndithu, ola limenelo lili ndi ntchito. Ana amaima pamzere, aliyense amafufuzidwa m'matumba, m'masokosi ndi m'manja mwa juzi, anyamata ndi abambo, atsikana ndi amayi. Woyang'anira, amene ndi mphunzitsi wa sukulu ina ndipo sadziwa kuti uyu ndi mwana wa a tcheya, amayang'ana chithunzi cha pachitupa n'kuyang'ana nkhope. Kenako mwana amafunafuna desiki yolembedwa nambala yake. Envulopu ya mayeso imatsegulidwa ana akuona, atatsimikiza kuti inali yomata. Zonsezi zimadya nthawi, makamaka kuno kumene mayi wachikondi amaveka mwana vesiti, malaya, juzi, jekete ya malume ndi chipewa cha ubweya. Kufufuza mwana mmodzi wa ku Mzuzu m'mawa wozizira kuli ngati kusenda kabichi.

Tsopano tiyeni tiwerengere nyumba imodzi. Banja likuchita lendi papoloti ya nyumba zisanu ndi imodzi, bafa imodzi. Mwana sakulembera pasukulu yake koma pa ina imene asonkhanitsirapo sukulu zingapo, ulendo wa mphindi 40 wapansi, mwina kuposerapo ngati kwagwa kamvula usiku ndipo njira ikuterera. Kuti afike 7 koloko ayenera kutuluka kota pasiti 6. Kuti atuluke kota pasiti 6 ayenera kuti wasamba ndi kumwa phala, ndiye kuti mbaula iyake isanakwane hafu 5, makala akhale ogula dzulo, ndipo ndowa yake ikhale yoyamba pakhomo la bafa. Mayi amachita zonsezi mosaphonya. Amadzuka 4 koloko, amapemphera mokweza mpaka poloti yonse imadziwa kuti kuno kuli kandideti, amaopseza bambo wa nyumba yachitatu, uja amaimba nyimbo zonse za kwaya m'bafa, kuti lero adikire. Pokwana 6 koloko mwana wayera, wadzola mafuta, wakhuta.

"Chitupa chili kuti?"

Chitupa chinasungidwa bwino kwambiri. Chitangobwera, mayi anaona kuti mwana achitaya, n'kuchiika m'Baibulo. Atakumbukira kuti Baibulo limapita ku tchalitchi, anachisamutsira mu envulopu ya makadi a sikelo. Envulopuyo ili mu sutikesi, sutikesi ndi yokhoma, ndipo kiyi ali pamkanda umodzi ndi makiyi a bambo, amene atuluka mbandakucha kupita ku ntchito ku Luwinga. Foni ya bambo ikuitana, koma ikuitanira pawindo pomwepo pamene aisiya ikutchajidwa. Apa m'pamene loko wa sutikesi amakumana ndi nkhwangwa, ndipo mwana amene anadzutsidwa 4 koloko amatuluka pakhomo 5 tu 7.

A Sakaramento amaidziwa kalata ya a hedi kuposa makolo. Tsiku limeneli amakhala ataimika njinga zawo pamphambano kusanache, ndipo akaona mayi akuthamanga chitenje chili m'manja, mwana wa yunifolomu ali pambuyo, mtengo umakwera wokha. "Amama, kwaterera lero, ndiponso ndi chitunda." Chitundacho chinalipo dzulo, koma dzulo kunalibe mayeso. Mayi amene amatha kukangana kota ya ola pa mtengo wa mulu wa tomato amalipira osatsegula pakamwa, n'kutsala akufuulira njinga kuti, "Nambala ulembe pa tsamba lililonse!" Limeneli ndi langizo labwino kuposa onse amene mwanayo walandira chaka chino, chifukwa pepala la MANEB lili ndi malo a nambala pamwamba pa tsamba lililonse.

Nkhani ya zolembera ili ndi miyambo yake. Kalata ikuti ziwiri, pa chifukwa chosavuta: china chikauma, china chipitirize. Koma pa Lamulungu la sabata imeneyo zolembera zimapita kukapemphereredwa, ndipo china chimabwerako chitadzozedwa mafuta mpaka kumaterera m'zala. Ine sindilimbana ndi pemphero. Ndimangodandaula kuti palibe amene amayesa kulembera pakapepala kuti aone ngati cholembera chodzozedwacho chikutulutsa inki. Cha sitolo chatsopano nachonso chimafuna kuchiyesa madzulo, osati kuchipukusa ndi kuchiuzira mpweya woyang'anira atanena kale kuti yambani. Kabokosi ka zida za masamu nako n'kobwereka kwa msuweni wa Fomu 3. Mwana akakatsegula amapezamo kampasi yopanda sikuluu, theka la lula, lezala, ndi kapepala kakale ka mafomula kamene msuweniyo anamata kuseri kwa chivundikiro zaka ziwiri zapitazo. Woyang'anira safunsa kuti anamata ndani. Kwa iye limenelo ndi likasa, ndipo mwini wake ndi amene wagwira kabokosiko.

Za likasa makolo amalankhula mokwiya kwambiri pagulu. Onse amakumbukira 2020, pamene mayeso a Fomu 4 anabedwa mpaka boma kuwathetsa ali m'kati, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021 asilikali akulondera mapepala. "Dziko laonongeka, adada," amatero bambo pabawo, akupukusa mutu. Akatero amatsitsa mawu n'kufunsa mnzake ngati mlamu wake mphunzitsi uja sanamveko kuti chimangirizo cha chaka chino chikhala cha mutu wanji. Kungofunsa chabe.

Lamulo lakuti makolo asadutse pageti limatsatidwa mokhulupirika. Sadutsa. Amangoima pageti pomwepo, ena ndi fulasiki ya tiyi, ena ndi mbatata yophika m'kontena, kudikira nthawi yopuma pakati pa pepala la m'mawa ndi lotsatira. Wapolisi amayang'ana kumbali. Mwana akatuluka amalandiridwa ndi funso limodzi kuchokera kumbali zonse, "Zinali bwanji?" ndipo yankho la ana onse a m'Malawi muno ndi limodzi, "Zinali bho." Atero ngakhale amene wasiya tsamba lathunthu losalemba chifukwa sanatembenuze pepala. Tsiku la Chichewa ndiye kumakhala phwando: agogo amene moyo wawo wonse amayankhula Chitumbuka amaima pampanda kumukumbutsa mdzukulu miyambi ya Chichewa, theka lake ili m'Chitumbuka. Ena amamutengera mwana kunyumba kuti akadye nsima yotentha, poti mbatata si chakudya, ndipo nsima ya ku Nkhorongo nayonso ili ndi wotchi yake.

Okondwa kwenikweni ndi ana a Sitandade 1 mpaka 7, amene apatsidwa tchuthi kuti zipinda ndi madesiki zigwire ntchito ya mayeso. Gawo limeneli la kalata limafika kunyumba tsiku lomwelo, osanyowa, osasokonekera ngakhale liwu limodzi.

Lachisanu masana pepala lomaliza limatoledwa. Ana amatuluka akukuwa, ena akulembana mayina pa yunifolomu imene mayi anawerengera kale kuti ivalidwa ndi mng'ono wake. Pageti makolo ayamba kugawana sukulu: uyu wake apita ku Marymount, uyu ku Mzuzu Government, uyu ku Katoto, ndipo Nkhorongo CDSS, imene ili pafupi pomwepa, aliyense akuisiyira mwaulemu mwana wa neba. A hedi amatumiza mnyamata kukachotsa wotchi pakhoma. Madzulo bambo amabwera kuchokera ku Luwinga, amayang'ana loko wothyoka uja, amayang'ana mwana, n'kufunsa funso limene lawasautsa masiku atatu onsewa.

"Cholembera changa chija chili kuti?"