Ulemu umatsikira pa Njuli

Minibasi ikamadzaza ku Limbe kuti ilowere msewu wa ku Zomba, kondakitala amakhala mwana woleredwa bwino. "Mayi, mukupita? Bwerani, malo alipo. Ndikunyamulireni dengulo?" Mayiyo ndi mmodzi, koma mnyamatayu wamuchulukitsa katatu konse. M'malo mwa "ukupita" wati "mukupita", m'malo mwa "bwera" wati "bwerani". Kachitatuko n'kobisika: "ku" wa mu "ndikunyamulireni" ndi yemweyo amene timauza naye mwana kuti "ndikunyamulire", choncho ulemu wonse wapachikidwa pa "ni" wakumapetoyo. Akangothothoka, munthu wamkulu wasanduka kamwana.

Ndipo amathothokadi. Pa Mapanga mayi afunsa chenji chawo cha K500, yankho n'kukhala "Mudikire pang'ono, mayi." Kutsogolo pang'ono afunsanso, apa mnyamata ayankha moyang'ana pawindo kuti "Chenji palibe." Chiganizo chimenechi chilibe "u" kapena "mu", ndipo wodziwa zinthu amayamba kufungatira thumba lake, chifukwa mitambo yayamba kuda. Pofika pa Njuli, mayi akweza mawu, kondakitala n'kuphulika: "Ndakuuza kale iwe!"

Basitu, nkhani ya ndalama yafera pomwepo. "Ukunena ndani iwe? Ndine mnzako ine? Amako umawatero?" Galimoto yonse isanduka bwalo la mfumu, ndipo palibe amene akudabwa kuti mayi nawonso anena "iwe". Lamulo lake ndi lokondera: "u" amaloledwa kutsika kuchokera kwa wamkulu, kapena kuyenda chopingasa pakati pa anzake a msinkhu umodzi, koma kukwera ayi. Mayi atsika pa Mbulumbuzi atapepesedwa ndi "ni" wokwanira, "pepani, ndikhululukireni", koma K500 ija yapitirira ulendo wa ku Namadzi.

Kumudzi kuno ku Chiradzulu ngakhale "mu" nthawi zina amachepa. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi m'mawa, amapatuka, n'kunjuta chapatali, maso ali pansi, n'kufunsa kuti "Adzuka bwanji?" Apongozi nawo, ali chiyang'anire ku nkhokwe, amayankha kuti "Tadzuka, kaya iwo?" Mlendo wosazolowera amacheuka kufuna kuona anthu amene akukambidwawo, osadziwa kuti onse ali pomwepo, awiri okha. Wofunsidwa wamusandutsa "iwo", ngati kuti kulibe, ndipo woyankha wadzisandutsa "ife". Kalankhulidwe kameneka sikachilendo m'boma limene Ayao, Alomwe ndi Amang'anja akhalira limodzi n'kukwatirana, poti m'Chiyao moni wa ulemu ndi "Ali uli?", amene kumasulira kwake ndi "Ali bwanji?" ndithu. Ubwino wake kwa mkamwini amene sanamalize kufolera nyumba ndi wakuti angathe kukhala zaka pamudzi osalankhulapo ndi apongozi ake, akungofunsana za anthu ena awiri amene amadzuka bwino tsiku lililonse.

Koma musamangosangalala mukamva akukuchulukitsani. Mnyamata wa folomu 2 akafika pakhomo usiku, mayi ake n'kumulandira kuti "Mwabwera, bwana? Tikupatseni madzi osamba?", ameneyo asayankhe kuti zikomo. Mwana amene amatchulidwa "iwe" tsiku ndi tsiku akakwezedwa mwadzidzidzi kufika pa "inu", ndiye kuti mthiko uli pafupi. Akafika pa "a", monga "Afika eni nyumba", ndi bwino akagone kwa agogo.

Vuto lenileni la "mu" ndi lakuti sawerenga mitu. "Muli bwanji?" ndi wa munthu mmodzi wolemekezeka, ndi wa anthu khuminso. N'chifukwa chake akuluakulu ali pa benchi sakhutira ndi "Muli bwanji nonse?", moni wa andale ndi anthu othamangira minibasi. Aliyense amafuna "muli bwanji" wakewake, ndi "kaya inu" wake, ndi "zikomo" wake, mpaka mzere wonse uthe, ndipo wodumphidwa adzakumbutsa pa maliro a chaka chamawa. Koma akuluakulu omwewo amasintha galamala pakafika chakudya. Pa msika wa Mbulumbuzi, munthu akagula kanyenya pa chiwaya n'kuitana malume ake kuti "Bwerani tidye", benchi yonse imanyamuka, aliyense ali ndi chikhulupiriro chonse kuti "ni" ameneyo ndi wochulukitsa. Mwini nyama sangabweze mawu, chifukwa njira yokhayo yosonyezera kuti amaitana munthu mmodzi ndi kunena kuti "bwera", ndipo amenewo ndi malume.