Pakufunika Wolandira Odwala

Pepalalo analikhoma ndi misomali pa mlambe wa pasiteji ya Nkhudzi, pomwe amatsikira anthu ochokera ku Mangochi ndi ku Monkey Bay. Linali m'Chingerezi, koma pofika masana aliyense anali atalimva m'chiyankhulo chake, ngakhale agogo ogulitsa usipa. Linati kiliniki ikufuna munthu wolandira odwala, wa satifiketi ya MSCE, wodziwa kompyuta, woyankhula Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi. Wofuna atumize kalata yofunsira ntchito, siivii, makope otsimikizidwa a masatifiketi, kope ya chiphaso cha unzika, kalata ya kupolisi ndi maina a anthu atatu omuchitira umboni. Tsiku lotseka linali Lachisanu pa 28, 12 koloko masana.

Oyamba kupereka chigamulo anali akuluakulu a pabawo. "Musadzivute," anatero mmodzi osadzutsa n'komwe mutu. "Ntchito imeneyi ili kale ndi mwini wake. Pepalali n'longotiphimba m'maso." Onse anavomera kuti masiku ano popanda wokudziwa sulowa paliponse. Kenako bawo linatha msanga kuposa masiku onse, chifukwa aliyense anakumbukira kuti kunyumba kuli mwana wa mlongo wake amene anamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala.

Mmodzi wa ana amenewa ndi mtsikana woyandikana nafe nyumba. Mayeso anakhoza bwinobwino. Kuti munthu apate MSCE amayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo iye anapitirira pamenepo. Vuto linali lakuti m'manja anali ndi kapepala kodziwitsa zotsatira basi. Satifiketi yeniyeni yochokera ku MANEB inali m'kabati ya kusukulu, ikudikira fizi ya temu yomaliza imene bambo ake anaiwala mwadala zaka zitatu zapitazo. Bambowo anagulitsa mbuzi. Atafika kusukulu anauzidwa kuti wosunga makiyi wapita ku maliro, abwereko mawa. Mawalo anapezekadi, koma makiyi anali atawasiya m'thumba la jekete ya ku maliro ija.

Satifiketi itapezeka, panatsala kuijambula. Mnyamata wa fotokope, amene masiku onse timamuitana kuti "iwe", sabata imeneyo anasanduka "achimwene". Magetsi akazima ankakhala pakhonde atapinda miyendo, anthu khumi atamuzungulira ndi maenvulopu akhaki. Siivii ankalemberanso anthu yekha, kungosintha dzina pamwamba. N'chifukwa chake achinyamata onse a ku Nkhudzi anapezeka kuti amakonda kuwerenga mabuku ndi kucheza ndi anthu atsopano, kuphatikizapo mnyamata wina amene sayankha moni.

Mawu amene anasokoneza anthu ndi akuti "otsimikizidwa". A mfumu anatulutsa chidindo chawo n'kunena kuti ana onsewa amawadziwa kuyambira ali kumsana. Chidindo cha a mfumu chimagwira ntchito pa nkhani za malo ndi pa kalata ya maliro, koma apa pankafunika munthu amene lamulo linamupatsa mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti, bwanankubwa kapena loya. Iyeyo amaika kope pambali pa satifiketi yeniyeni, n'kuona ngati zikufanana, n'kudinda ndi kusaina. Mtsikana wathu anakwera matola mpaka ku boma atanyamula makope okhaokha, chifukwa mayi ake anati satifiketi yogula ndi mbuzi siyenda pamsewu. Anabwezedwa mwaulemu.

Ulendo wachiwiri, kalaliki anayang'ana satifiketi, n'kuyang'ananso chiphaso cha unzika, n'kuvula magalasi. "Achemwali, anthu awa ndi awiri. Inu ndinu uti?" Pa satifiketi dzina lake linalembedwa ndi "r", pa chiphaso ndi "l". Chaka chobadwa nachonso chinasiyana, poti pa kalembera wa 2017 amene anayankha funsolo anali agogo ake, ndipo iwo amawerengera zaka kuyambira pa njala. Mankhwala a vuto lotere ndi kalata yolumbira yonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Mtsikanayo anakweza dzanja n'kulumbira kuti iye ndi iye yemwe, ndipo analipira.

Kalata ya kupolisi inali ndi zake. Amakudinda zala zonse khumi, ndipo zidindozo zimayenera kufufuzidwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe ngati zinapalamulapo. Zimenezi sizitha pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Ochenjera anangophatika lisiti losonyeza kuti ayamba kale ndondomekoyo. Azakhali ake atamuona akutuluka ku polisi zala zili bii, sanafunse kanthu. Anangothamangira kunyumba, ndipo pofika madzulo mbiri inali itafika kugombe kuti mwana uja wagwidwa.

Pa anthu atatu ochitira umboni, m'banjamo munabuka mlandu. Mtsikanayo analemba ahedi, abusa ndi mayi wina amene anamugwirirapo ntchito pamalo ogona alendo kunyanja. Amalume ake anafika usiku womwewo. "Ine ndinakulipirira yunifolomu, lero umboni akuchitire anthu akudza?" Anawafotokozera kuti wachibale saloledwa, chifukwa palibe malume amene anganene kuti mphwake ndi waulesi. "Ine ndikhoza kunena," anayankha amalumewo, ndipo ananyamuka atakwiya.

Sabata yonseyo kiliniki inalandira odwala achilendo, ovala bwino, onunkhira sopo, amene mutu unkawapweteka pang'ono chabe. Ankapereka moni m'Chingerezi mokweza kuti adokotala amve. Akazi a adokotala analandira chambo chochuluka moti anayamba kugawira anansi, ena mwa iwo eni ake a chambocho.

Pa zonse zimene pepalalo linafunsa, panalibe chimene chikanaonetsa ngati munthu angaithe ntchitoyo. Wolandira odwala amalemba dzina m'kaundula, amatsegula buku la kuchipatala n'kulondolera munthu khomo loyenera. Amayenera kuona msanga mwana amene thupi latentha mpaka kukomoka, kapena mayi woyembekezera amene akutaya magazi, n'kuwadutsitsa pamzere ngakhale kutsogolo kwaima akazi a khansala. Koposa zonse amayenera kuona amene wabwera kudzatenga ma ARV, n'kuiwala akangoweruka. Ku Nkhudzi luso lomalizali n'losowa kuposa satifiketi, ndipo palibe majisitireti amene amalidinda.

Lachisanu pa 28 linafika. Kwathu kuno 12 koloko imatanthauza nthawi iliyonse nsima isanapse, koma mlonda wa pakiliniki anali atauzidwa kuti nthawi ikakwana achotse katoni yolandirira makalata. Anaichotsadi. Patapita theka la ola anyamata a kabaza anayamba kutsitsa anthu a thukuta. "Bwana, wotchi yanuyo ikuthamanga." "Madala, ine ndi mwana wa mlamu wanu." Mlondayo, amene chiyambireni ntchito anali asanatchulidwepo bwana, anamvetsera aliyense mpaka kumapeto asanakane. Mtsikana wathu anali ataponya yake m'mawa, ndipo amalume aja ndi amene anamuperekeza.

Ntchito inapita kwa mtsikana wina wa ku Monkey Bay. A pabawo anafufuza mtundu wake kuchimuna ndi kuchikazi kuti apeze pamene ukukumana ndi wa adokotala, koma sanapeze. Anagamula kuti ndiye kuti anayendera mankhwala. Tsopano watha miyezi iwiri pa ntchito, ndipo amayi a kumjigo adandaula kale kwa a mfumu kuti mwanayo ndi wonyada. Akamufunsa kuti uje amadzatani kuchipatala dzulo, iye amangoti, "Kaya, mayi, akafunseni eni ake."