Malangizo kwa abwana: mmene mungalembere pulani yoti wantchito alephere

Bwana, tikudziwa kuti mwatopa nawo Che Uje. Mwawalemba ntchito kwa zaka 7 musitolo yanu ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe, inu muli phee pa likulu ku Liwonde, ndipo miyezi yapitayi buku la katundu silikugwirizana ndi zomwe zili m'sitolo. Lipoti la sabata limafika Lachitatu m'malo mwa Lolemba, nthawi zina silifika n'komwe. Anzanu ophunzira akuuzani kuti masiku ano munthu sathamangitsidwa chisawawa, amayamba wapatsidwa pulani yolembedwa yoti akonzere ntchito yake. Musade nkhawa. Pulani imeneyi itha kulembedwa mwaluso moti ngakhale wakhama chotani sangaikwanitse.

Choyamba, musalembe chilichonse chimene chingawerengedwe. Abwana osadziwa zinthu amalemba kuti: "Mu Ogasiti matumba 14 a feteleza sadapezeke m'buku. Pofika pa 30 Seputembala kusiyanaku kusapose matumba 5, pa 31 Okutobala kusapose awiri, ndipo pa 30 Novembala buku ligwirizane ndi katundu." Taonani kuopsa kwake: Che Uje atha kumvetsa zomwe mukufuna, n'kuzichita, inu n'kusowa pogwira. Inu lembani kuti "muzigwira ntchito ndi mtima wonse" kapena "musinthe khalidwe". Mtima ulibe sikelo, choncho pa tsiku lomaliza mudzangonena kuti sunakwane, ndipo palibe adzakutsutseni.

Chachiwiri, musafunse chomwe chadzetsa vutolo. Funso limeneli ndi la anthu ofuna kudziputira mavuto. Mukafunsa, mwina mumva kuti lole imatsitsa katundu usiku popanda chikalata, kuti mlamu wanu amatenga matumba pangongole osasaina, kapena kuti chichotsereni wothandizira uja Che Uje akugulitsa, kunyamula ndi kulemba okha. Mwinanso mumva kuti mudabweretsa buku latsopano osawaphunzitsa kadzazidwe kake. Pulani yeniyeni imakhala ndi mbali ya zomwe bwana achite: kutumiza wowerengera ndalama kukakhala nawo masiku awiri, kulamula kuti thumba lililonse lotuluka lizikhala ndi lisiti, kuwagulira mayunitsi otumizira lipoti. Mbali imeneyo ichotseni. Ulemu wa bwana umachepa akayamba kulonjeza zinthu papepala.

Ngati mwakakamizika kuika manambala, sankhani nyengo mwanzeru. Auzeni kuti agulitse mbewu ya chimanga yochuluka mu Juni ngati yomwe adagulitsa mu Novembala. Mlimi wa ku Balaka sangagule mbewu miyezi isanu mvula isanagwe, koma zimenezo ndi za iye ndi Che Uje. Muwapatsenso sabata ziwiri zokha. Ena amapereka masiku 60 kapena 90 kuti munthu aphunzire, alakwitse, akonze, kenaka aonetse kuti wagwira njira. Masiku onsewo ndi ochuluka, munthu atha kusinthadi.

Tsopano masiku oonanso mmene ntchito ikuyendera. Alembeni bwinobwino, pakuti amakongoletsa pepala, koma musapiteko. Pa 30 Seputembala nenani kuti muli ku msonkhano ku Mangochi, ngakhale msewu wa ku Mangochiwo umadutsa pa Ulongwe pomwepo. Pa 31 Okutobala imbani foni, mufunse za kumudzi, mumalize ndi mawu akuti "pitirizani choncho, achimwene". Bwana wopanda nzeru amafika pa tsikulo, amawerenga matumba pamodzi ndi wantchito, amalemba kuti kusiyana kwatsika kuchoka pa 14 kufika pa 6, kuti muyezo unali 5, kuti chatsala n'chiyani ndipo achitapo chiyani, onse awiri n'kusaina, aliyense n'kutenga pepala lake. Zoterezi zimasiya umboni. Inu sungani zonse m'mutu, kumene chiswe sichifika.

Pepala la pulani lenilenilo musawapatse. Awerengereni mwachangu m'Chingerezi, muwaloze posaina, mulitsekere m'dirowa. Mukawalongosolera m'Chichewa kapena m'Chiyao atha kufunsa mafunso, ndipo wantchito wofunsa mafunso amachedwetsa chitukuko. Musalembemonso chomwe chidzachitike akalephera. Ngati n'kalata yochenjeza, kutsitsidwa paudindo kapena kuchotsedwa ntchito, adzazione okha pa tsikulo, chifukwa aliyense amakonda zodzidzimutsa.

Pa 30 Novembala musataye nthawi ndi kuwaitana kuti anene mbali yawo. Atumizireni uthenga wa pafoni kuti mawa asabwere. Alipo anthu ansanje amene adzakukumbutseni za lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000. Adzati ndime 57 imafuna chifukwa chomveka chokhudza kuthekera kwa munthu pantchito, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi, komanso kuti munthu apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Adzawonjeza kuti pa ndime 61 amene amayenera kubweretsa umboni wa chifukwacho ndi wolemba ntchito, osati wochotsedwayo, ndiponso kuti muyenera kuonetsa kuti mudachita zinthu mwachilungamo. Ayankheni kuti sitolo ndi yanu.

Pakatero, konzekerani ulendo. Che Uje ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku Leba, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la za ntchito. Valani suti yanu yabwino. Akakufunsani muyezo womwe mudawapatsa, nenani kuti mtima wonse. Akafunsa zomwe mudalemba pa masiku oonanso ntchito aja, lozani mutu wanu. Akafunsa thandizo lomwe mudapereka, akumbutseni kuti mumawalipira mwezi ndi mwezi.

Mutengenso kachikwama. Ndime 63 imati khoti likapeza kuti munthu adachotsedwa mopanda chilungamo litha kulamula kuti abwerere pantchito kapena apatsidwe chipepeso. Kwa amene wagwira zaka zosaposa zisanu, chipepesocho sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe wagwira, pomwe amene wapyola zaka zisanu koma osaposa 10 amalandira a sabata ziwiri pa chaka. Che Uje a zaka 7, ngati amalandira K200,000 pamwezi, ndiye kuti ndi malipiro a sabata 14, ndalama zoposa K600,000. Amenewo ndi malire a pansi chabe, khoti litha kukweza, ndipo sitinawerengere ndalama za notisi ya mwezi umodzi yomwe mudaiwala ija. Koma musakhumudwe. Kutumiza wowerengera ndalama ku Ulongwe kukadangodya thiransipoti ndi nsima ya masiku awiri, ndalama zazing'ono zosayenera munthu wa ulemu wanu.

Ubwino wina wa njira imeneyi ndi woti vuto silichoka, choncho simusowa chochita. Kalaliki watsopano adzapeza lole yomweyo ya usiku, mlamu yemweyo ndi buku lomwelo, ndipo pofika Febuluwale mudzakhala mukulemba pulani ina.

Koma ngati muli m'gulu la abwana ovuta aja ofuna kuti matumba apezeke, lembani nambala, lembani tsiku, lembani zomwe muchite inuyo, ndipo tsikulo likafika kwerani minibasi mupite. Wantchito akalepherabe mutachita zonsezi, mumveni kaye mbali yake, ndipo mukamuchotsa mapepala anu adzakuyankhulirani ku khoti. Akasintha, mwapulumutsa zaka 7 za munthu wodziwa makasitomala anu onse ndi maina awo.